Ofufuza anayambira pati: pa odwala kapena pa osuta?

Mu 1950, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasindikiza zomwe anapeza m'zipatala za ku London. Anatenga amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, n'kusankhanso amuna ena 649 a misinkhu yofanana amene ankadwala matenda ena. Onsewo anawafunsa za fodya. Mwa a khansa, osasuta anali awiri okha. Mwa enawo analipo 27.

Kafukufuku wotere, woyamba ndi odwala n'kuwafunira anzawo owafananiza nawo, akatswiri amamutcha kesi-kontirolo. Ndi wachangu ndiponso wosaboola m'thumba, n'chifukwa chake amayenerana ndi matenda osowa. Koma sangauze munthu kuti mwa osuta 100 adzadwala angati, pakuti chiwerengero cha odwala anachita kuchisankha okha ofufuzawo. Vuto lina ndi kukumbukira: amene wagona m'chipatala amasinkhasinkha zakale zake kuposa mnzake woyenda bwinobwino.

Mu 1951 awiriwa anatembenuza ndondomeko. Analembera madokotala a ku Britain kuwafunsa ngati amasuta, ndipo amuna opitirira 34,000 amene anayankha anatsatiridwa mpaka 2001. Uyu ndiye kohoti: gulu limadziwika kaye, osuta ndi osasuta omwe, matenda n'kumawerengedwa pambuyo pake. Apa chiopsezo chenicheni chimaoneka, kungoti pamafunika ndalama ndi kudekha, ndipo ena amasowa panjira.

Mtundu wachitatu, kirosi-sekishonolo, uli ngati kalembera. Ofufuza amafika pakhomo kamodzi, kufunsa, kuyeza, n'kumapita. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo ku Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza motere kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Amaonetsa kukula kwa vuto, koma sanena chimene chinayamba. Akapeza kuti amene sayenda kwambiri ndiwo amamva nyamakazi, kodi kukhala pansiko ndiko kunadwalitsa mawondo, kapena mawondowo ndiwo anakhazika munthu pansi?

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa mawu oti "zakale". Tinene kuti anthu atsegula m'mimba atachoka ku ukwati. Azaumoyo atenga mndandanda wa oitanidwa onse, kufunsa aliyense zimene anadya, n'kuwerengera kuti mwa odya nkhuku anadwala angati, mwa osadya angati. Phwando linatha kale, eya, komabe uyu ndi kohoti, chifukwa anatenga gulu lonse osayang'ana kuti wadwala ndani. Akanatenga okhawo ogonekedwa, n'kufuna anzawo ochepa athanzi oti awafananize nawo, akanakhala kesi-kontirolo.

Choncho powerenga kafotokozedwe kachidule ka kafukufuku, chiganizo chofunika kuchilemba mzere kunsi ndi chimene chikunena mmene anthuwo anasankhidwira, osati chaka chimene zinthuzo zinachitika.