Anafunsa anthu 1,200 okha: kodi kafukufukuyu tingamukhulupirire?

Chisankho chikamayandikira, wailesi imalengeza zotsatira za kafukufuku wa maganizo a anthu, ndipo m'minibasi kapena pabawo sipalephera kupezeka wina wodandaula kuti, "Ine sanandifunse, kwathu konse sanafikeko. Anthu 1,200 angayankhulire bwanji dziko lonse?" Funsoli ndi lomveka, makamaka tikakumbukira kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni. Koma yankho lake lili kukhitchini, kumene mayi aliyense amalidziwa kale.

Mayi akathira mchere mumphika wa nyemba, samwa msuzi wonse kuti adziwe ngati wakolera. Amatakasa bwinobwino, n'kutapa pang'ono ndi chipande, n'kulawa. Mphikawo ukhale kapoto ka anthu atatu kapena chimphika cha paukwati, kulawa kwake n'komweko. Chofunika ndi chakuti atakase mpaka pansi, chifukwa akatapa pamwamba pomwe wangothira mchere, lilime limunamiza. Kafukufuku amayendanso chimodzimodzi: kukula kwa dziko sikusintha kwenikweni chiwerengero cha anthu ofunika kufunsidwa. N'chifukwa chake ngakhale ku United States, kumene kuli anthu oposa 300 miliyoni, akafukufuku ambiri amafunsa anthu 1,000 kapena 1,500 basi.

Komabe kulawa sikufanana ndi kudya mphika wonse. Mutatumiza magulu awiri tsiku limodzi, lililonse likafunse anthu 1,200 osankhidwa mwamaere, zotsatira zawo sizingafanane ndendende, chifukwa maerewo agwera anthu osiyana. Kusiyana kobwera ndi mwayi kumeneku n'kumene akatswiri amakuyeza, ndipo tingakutche mpata wa kuphonya. Pamalipoti amakulemba ndi chizindikiro ngati ±3. Bungwe la Afrobarometer, lomwe lakhala likuchita kafukufuku m'Malawi mogwirizana ndi Centre for Social Research ya ku yunivesite ku Zomba, kawirikawiri limafunsa anthu 1,200 ndipo limanena kuti mpata wake ndi ±3.

Tanthauzo lake ndi ili. Lipoti likati anthu 52 mwa 100 alionse adzavotera wopikisana wina, ndiye kuti chiwerengero chenicheni chikuyembekezeka kukhala pakati pa 49 ndi 55. Ndipo ngakhale zimenezi si lonjezo. Malipoti amawonjezera kuti chitsimikizo chake ndi 95 peresenti, kutanthauza kuti kafukufuku wotere atachitika maulendo 20, pafupifupi maulendo 19 mpatawo ungakole chiwerengero chenicheni, koma ulendo umodzi ungaphonye ngakhale ofufuza atachita zonse molondola. Kwa ife Amalawi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kuchokera pa chigamulo cha khoti cha 2020, wopambana pa upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Munthu amene kafukufuku wamupatsa 52 sanawoloke mtsinje, popeza 49 ilinso mkati mwa mpata wake.

Mpatawu mungathe kuuwerengera nokha pafoni. Tengani chiwerengero cha anthu amene afunsidwa, dinani batani la √ pa kakyuleta, kenako gawani 100 ndi yankho limene mwapeza. Akafunsa anthu 100, √ imapereka 10, ndipo mpata ndi ±10. Akafunsa 400, mpata umatsika kufika pa ±5. Pa anthu 1,200 umafika pafupifupi ±3, pa 2,400 ndi ±2, ndipo kuti ufike pa ±1 pamafunika anthu 10,000. Onani mmene phindu likucheperachepera: kuti mpata uchepe ndi theka, ofunsidwa ayenera kuchuluka kanayi. Ndalama za mafuta a galimoto ndi malipiro a ofunsa mafunso zimakwera kwambiri pomwe kulondola kukungowonjezeka pang'ono, n'chifukwa chake ambiri amaima pa 1,200 kapena 2,400.

Pali misampha iwiri imene imakola ngakhale atolankhani. Woyamba ndi wofananiza opikisana awiri. Tiyerekeze kuti wina wapeza 44, mnzake 41, mpata uli ±3. Mutu wa nkhani umathamangira kunena kuti woyambayo akutsogola. Koma iye akhoza kukhala paliponse pakati pa 41 ndi 47, mnzakeyo pakati pa 38 ndi 44. Popeza mavoti akachoka kwa uyu nthawi zambiri amapita kwa uyo, mpata wa kusiyana kwawo umakula pafupifupi kawiri, kufika pa 5 kapena kuposerapo. Kusiyana kwa 3 sikukwanira kunena kuti akutsogola ndani.

Msampha wachiwiri ndi wogawa zotsatira m'zigawo. Mpata wa ±3 ndi wa anthu 1,200 onse pamodzi. Chigawo cha kumpoto chili ndi anthu pafupifupi 13 mwa 100 alionse a m'dziko muno, ndiye mwa ofunsidwa aja a kumpoto angakhale 150 kapena kuposerapo pang'ono. Pa anthu 150 mpata ndi pafupifupi ±8. Tikatsikira pa boma limodzi, pomwe mwina afunsa anthu 40 okha, mpata umafika pa ±16, ndipo nambala yoteroyo siyenera kumangidwira nkhani.

Tsono tibwerere ku kutakasa kuja, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Masamu onsewa amagwira ntchito pokhapokha ngati munthu aliyense anali ndi mwayi wosankhidwa. Afrobarometer imasankha mwamaere madera a kalembera, m'dera lililonse imafunsa anthu asanu ndi atatu, nyumba zimasankhidwa potsata ndondomeko osati kumene ofunsa awalandira bwino, ndipo amasinthanitsa, akafunsa bambo pano kutsogoloko amafunsa mayi. Kafukufuku woyimbira foni pawailesi kapena wovota pa Facebook satero. Amangomva anthu okhala ndi mayunitsi ndi bandulo, amenenso afuna okha kuyankha. Agogo a kumudzi opanda foni mulibemo, chonsecho tsiku lovota amalawirira pamzere.

Zimene zinachitika ku United States mu 1936 zimaphunzitsa bwino. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon adzapambana ndi mavoti 57 mwa 100 alionse. Koma Franklin Roosevelt ndi amene anapambana ndi pafupifupi 61. Maina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene zinthuzi zinali za opeza bwino, ndiponso amene anavutikira kubweza kalata anali makamaka odana ndi Roosevelt. George Gallup, atafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, ananeneratu molondola kuti Roosevelt apambana. Mayankho mamiliyoni awiri sanathe kukonza mphika wosatakasa, ndipo pofika 1938 magaziniyo inali itatha.

Dziwaninso kuti ±3 sayeza funso lokondera, sayeza munthu amene wabisa maganizo ake poganiza kuti wofunsayo watumidwa ndi boma, ndipo sayeza amene adzasinthe maganizo kapena kukhala pakhomo tsiku lovota. Kafukufuku amanena za tsiku limene anafunsa.

Choncho mukamva zotsatira, musathamangire kuvina kapena kutukwana ofufuza. Funsani kuti anafunsa anthu angati, anawasankha bwanji, anafunsa liti, ndiponso ngati kusiyana kwa opikisanawo kukuposa mpata wa kuphonya. Amene akukana kukuuzani zinthu zinayi zimenezi, nambala zake musazikhulupirire.