Telala, foni ndi maoda 20 a tsiku la anakubala

Pa mphindi zimene mwandipatsazi ndifotokoza mmene bizinesi yaing'ono ingakonzere zoti iziika pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti zizibweretsa makasitomala olipira. Kuti tisangoyankhula m'malere, ndatenga chitsanzo chimodzi choti tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ku Ndirande kuli mayi wina amene ndi telala, ali ndi makina amodzi ndi mtsikana mmodzi wowathandiza, ndipo amasoka madiresi a zitenje. Manambala onse amene nditchule okhudza mayiwa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake mungakagwiritse ntchito pa bizinesi ya makeke, ya nkhuku kapena ya kaunjika.

Tiyambire pa makina, foni ibwere pambuyo. Pa 15 Okutobala dziko lino limakumbukira tsiku la anakubala, ndipo ana ambiri amafuna kusoketsera amayi awo chovala. Mayi athuwa amatha kusoka zovala 8 pa sabata popanda kuthamanga kowononga ntchito. Mwa zimenezi, zitatu zimakhala za makasitomala akale amene amabwera okha. Zotsala ndi zisanu pa sabata, ndiye kuti pa masabata anayi oyambira pa 17 Sepitembala ali ndi malo a zovala 20. Cholinga chawo ndi chomwecho basi: maoda 20 olipiridwa theka, otsekedwa pofika pa 8 Okutobala kuti sabata yomaliza ikhale yomalizitsa kusoka ndi kuyesa.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa ambiri amafunsa kuti aike chiyani lero asanadziwe kuti akufuna maoda angati. Telala amene walengeza mwamphamvu n'kulandira maoda 40 pamene angathe 20 okha wadziitanira mavuto, chifukwa anthu 20 okhumudwa akadandaulira pa foni pomwe paja anamuonera.

Tsopano tiwerenge chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mayiwa atayang'ana m'kope lawo apeza kuti mwa anthu atatu ofunsa mtengo, mmodzi ndiye amalipira. Ndiye maoda 20 akufuna ofunsa 60 pa masabata atatu, pafupifupi anthu atatu pa tsiku. Funso lasintha tsopano. Kodi anthu atatu pa tsiku amenewa achokera kuti?

Apa mpamene tiyenera kudziwa mmene WhatsApp imagwirira ntchito, chifukwa pali mfundo imodzi imene ogulitsa ambiri saidziwa. Status yanu imaonedwa ndi munthu yekhayo amene inu mwasunga nambala yake, nayenso wasunga yanu. Mbali imodzi ikasowa, palibe chimene aone. Broadcast list, imene imalola kutumiza uthenga umodzi kwa anthu mpaka 256, nayo imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Choncho mayi amene ali ndi manambala 150 m'foni, koma Status yawo imaonedwa ndi anthu 60, ambiri mwa iwo abale ndi anzawo a kutchalitchi, sangapeze ofunsa 60 kuchokera pamenepo ngakhale zithunzi zikongole bwanji. Ntchito yawo yoyamba ndi kuchulukitsa anthu osungirana nawo nambala.

Njira zake n'zapafupi. Aliyense amene wabwera pa shopu kapena wafunsa pa foni, mayiwa asunge nambala yake nthawi yomweyo, n'kumupempha kuti, “Sungani nambala yangayi kuti muziona masitayilo atsopano.” M'jumbo lililonse la chovala aikemo kapepala ka nambala. Facebook nayo igwire ntchito yake apa. Pa Facebook mpamene amakuona anthu amene sakukudziwa, makamaka m'magulu ogulitsirana malonda a mumzinda wanu, koma kukambirana miyeso ndi malipiro kumayenda bwino pa WhatsApp. Ndiye pansi pa chilichonse choikidwa pa Facebook pazikhala njira yolowera pa WhatsApp. Imalembedwa chonchi, kuyamba ndi 265, popanda chizindikiro cha + komanso popanda 0 wa kumayambiriro kwa nambala:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Munthu akadina pamenepo amalowa m'macheza ndi inu ngakhale asanasunge nambala yanu. Akangolemba, mwapeza mpata womusunga ndi kumupempha kuti akusungeni.

Tifike pa zoti aziika. Kasitomala amene sanamuonepo telala amakhala ndi nkhawa zodziwika: kodi chovalacho chindikhala, ndi ndalama zingati, ndipo chidzatha pa tsiku lake kapena ndizingouzidwa kuti mubwere mawa? Chilichonse chimene mayiwa aika chiyankhe imodzi mwa nkhawa zimenezi. Chimene sichiyankha nkhawa iliyonse chikhoza kutsala m'foni.

Nkhawa ya kukhala bwino imayankhidwa ndi chithunzi cha chovala chili pathupi pa munthu. Diresi yopachikidwa pa khoma sionetsa mmene mapewa ndi chiuno zakhalira. Popeza ogula a nyengo ino akusoketsera amayi awo, wovalayo akhale mayi wachikulire, chifukwa mwana amene akuganizira amayi ake a zaka 60 sathandizika ndi chithunzi cha mtsikana. Ajambule pakhonde m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kukumenya kutsogolo kwa wovalayo, atapukuta kaye galasi la kamera. Nthawi zina aonetse mkati mwa chovala, msoko ndi zipi, chifukwa amene anapwetekedwapo ndi telala amayang'ana pamenepo. Ndipo asanajambule kasitomala apemphe chilolezo. Umenewu ndi ulemu, komanso dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu limene linakhazikitsidwa mu 2024. Zithunzi zotapa pa intaneti azisiye. Kasitomala akalandira chosiyana ndi chimene anaona, mayiwa sadzamuonanso.

Pa nkhani ya mtengo ndili ndi maganizo olimba. Chizolowezi cholemba kuti wofuna mtengo abwere kumbali chimathamangitsa anthu. Ambiri amachita manyazi kufunsa poopa kuti mtengo ukawakulira, ndipo amene afunsa amatha nthawi ya telala ndi funso limodzimodzi. Ena amati mitengo ya nsalu ndi ulusi ikusinthasintha, ndipo n'zoona. Yankho lake ndi kulemba mtengo wa kusoka pawokha ndi tsiku limene mtengowo uthere, mwachitsanzo, “Kusoka diresi ngati iyi ndi K25,000, chitenje n'chanu, mtengo uwu ndi wa mpaka pa 8 Okutobala. Theka polembetsa, theka potenga.” Wowerenga wadziwa zonse asanalembe, ndipo amene alemba ndi munthu woti wayamba kale kuganiza zolipira.

Nkhawa ya nthawi imayankhidwa ndi umboni. Kasitomala akalemba kuti walandira pa tsiku lake, mayiwa apemphe kuonetsa uthengawo, atafufuta dzina ndi nambala. Azilengezanso malo otsala moona mtima, kuti mwa 20 aja kwatsala 12, kenako 7. Kunama kuti kwatsala awiri pamene kwatsala 15 kumaululika msanga, chifukwa sabata yamawa anthu omwewo adzaonanso kuti kwatsala awiri.

Masabata atatuwo sakufanana. Yoyamba ndi yoonetsa masitayilo ndi kukumbutsa anthu kuti tsikulo layandikira. Yachiwiri ikugwera kumapeto kwa mwezi, pamene ambiri olembedwa ntchito amalandira malipiro, ndiye mpamene mtengo ndi njira yolipirira zizimveka kwambiri. Yachitatu ndi ya umboni ndi malo otsala. Status imafufutika pakatha maola 24, choncho iyenera kuikidwa tsiku lililonse, koma zinthu zitatu kapena zinayi zakwana. Mukaika 20 nthawi imodzi, yang'anani chiwerengero cha oona pansi pa chilichonse, mudzapeza kuti chikutsika kuchoka pa choyamba kufika pa chomaliza. Kumbukiraninso kuti makasitomala ambiri amagula bandulo yaing'ono, ndiye vidiyo yaitali amaidumpha. Kuti asamasiye makina tsiku lililonse, mayiwa azijambula zithunzi za sabata yonse tsiku limodzi.

Kuyankha ofunsa nako n'kofunika kukonzeratu, chifukwa telala sangagwire foni ndi lumo nthawi imodzi. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018 ndipo kuiika m'foni n'kwaulere, ili ndi Catalog yoikamo zithunzi ndi mitengo, Quick replies yosungiramo mayankho obwerezabwereza monga a mmene munthu angadziyezere, ndi Away message youza wofunsa nthawi imene ayankhidwe. Mayiwa asankhe nthawi zitatu pa tsiku zoyankha, azilembe mu uthengawo, ndipo azizisunga. Pa malipiro a Airtel Money kapena TNM Mpamba, asakhulupirire chithunzi cha uthenga chimene kasitomala watumiza. Aone okha m'foni mwawo kuti ndalama zalowa asanadule nsalu, chifukwa mauthenga abodza a malipiro alipo.

Ena mufunsa za batani la Boost post pa Facebook. Limathandiza kufikira anthu a dera limene mwasankha, koma limafuna ndalama ndi njira yolipirira imene si telala aliyense ali nayo, komanso limangokulitsa chimene chilipo kale. Chithunzi chimene sichinabweretse funso kwa anthu 60 okudziwani sichingasinthe chifukwa chaonedwa ndi alendo. Kwa maoda 20, ine ndingayambe ndi njira zaulere.

Chomaliza ndi kope. Madzulo alionse mayiwa alembe manambala anayi: oona Status, ofunsa, olipira theka, ndi manambala atsopano amene asunga. Aliyense wofunsa amufunsenso kuti anawaonera kuti. Kopeli ndi limene limaonetsa pamene pakudwala. Ngati oona ali ochepa, vuto ndi manambala, ndipo achulukitse kupempha anthu kuti asunge nambala. Ngati oona ndi ambiri koma palibe wofunsa, vuto lili pa chithunzi, pa mtengo wosalembedwa, kapena sanauze anthu chochita akaona. Ngati ofunsa alipo koma salipira, ayang'ane kuti akutenga maola angati asanayankhe, kenako aone ngati aonetsa umboni wokwanira.

Tinene kuti sabata yoyamba yatha, ofunsa ndi 9 m'malo mwa 20, koma anayi mwa iwo alipira. Zimenezi zikusonyeza kuti mtengo ndi kayankhidwe zili bwino, chikuchepa ndi anthu ofikiridwa. Mayiwa asatsitse mtengo. Apemphe anayi olipirawo ndi makasitomala akale kuti aike chithunzi chimodzi pa Status zawo pamodzi ndi nambala ya shopu, ndipo ngati kope likuonetsa kuti asanu mwa 9 aja anachokera m'gulu limodzi la pa Facebook, m'menemo ndi mmene aziikamo kawirikawiri sabata yachiwiri. Oda ya 20 ikalipiridwa, ngakhale pa 8 Okutobala pasanafike, alengeze kuti malo atha, ndipo ofunsa mochedwa awalembe mayina ndi kuwasungira malo a zovala za Khirisimasi.

Ndalekera pamenepa, aphunzitsi. Amene ali ndi mafunso akhoza kufunsa.