Kalata yopempha kuti malipiro akwere: zomwe bwana amafuna kuona

Makalata ambiri opempha kuti malipiro akwere amayamba ndi madandaulo: lendi yakwera, thumba la chimanga ladula, ana akufuna fizi. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe amene angatsutse, makamaka chichokereni pamene banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Vuto ndi lakuti bwana amene akuwerenga kalatayo ali ndi antchito ena makumi angapo amene akuliranso chimodzimodzi. Akakwezera mmodzi chifukwa cha lendi, mawa onse adzakhala pakhomo pake. Kalata imene imaphula kanthu ndi ija yopatsa bwanayo chifukwa chokhudza inu nokha, chimene iye angathe kukachiteteza pamaso pa eni kampani.

Tiyerekeze mayi wina amene ndi kalaliki wotolera ngongole pa kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe. Amalandira K400,000 pamwezi asanadule msonkho, ndipo papita zaka ziwiri malipirowo osasintha. Akudziwa kuti amagwira ntchito molimbika, koma kulimbika sikuoneka papepala. Choncho asanagwire cholembera, akuyamba wafufuza m'mabuku a kampani. Akupeza kuti pamene ankayamba kuyang'anira ngongole, ndalama zimene ogula anakhala nazo masiku oposa 90 osabweza zinali K60 miliyoni, ndipo lero zatsala K22 miliyoni. Akukumbukanso kuti mnzake amene ankasunga mabuku a nthambi ya ku Zomba atasiya ntchito, kampani sinalembe wina, ndipo mabukuwo anangobwera pa desiki yake.

Mfundo ziwirizi n'zokwanira. Ambiri amalakwitsa polemba zonse zimene anachitapo, mpaka kufika pa nthawi yake m'mawa ndi kusajomba, pamene zimenezo ndi zomwe amalipidwira kale. Umboni wabwino umaonetsa mmene zinthu zinalili, mmene zilili tsopano, komanso buku kapena lipoti limene bwana angatsegule n'kutsimikiza. Pamafunikanso kunena zoona pa gawo la ena. Ngati ogulitsa malonda anathandiza kulondola ngongolezo, mayiyu anene choncho. Bwana akapeza nambala imodzi yokokomeza, amayamba kukayikira kalata yonse.

Gawo lovuta ndi la malipiro a anthu ena a ntchito yofanana. Kuno kwathu zotsatsa ntchito za m'nyuzi kawirikawiri sizitchula ndalama, ndipo kufunsa munthu zimene amalandira ambiri amakuona ngati mwano. Komabe njira zilipo. Zotsatsa zina zimatchula malipiro, mabungwe a antchito amadziwa zimene anagwirizana ndi makampani osiyanasiyana, ndipo anzanu a kusukulu amayankha mosavuta mukafunsa kuti ntchito yotere imalipira pakati pa zingati ndi zingati kusiyana n'kufunsa za m'thumba mwawo. Mayi wathuyu wapeza nambala zinayi: K520,000, K550,000, K600,000 ndi K900,000.

Nambala yomalizayo ndi yokopa, koma ayenera kuitaya. Ndi ya ku bungwe lothandizidwa ndi ndalama zakunja, kumene ntchito ndi ya kontirakiti ya chaka chimodzi ndipo amafuna digiri. Bwana wa ku Limbe sakupikisana ndi bungwe lotero, ndipo akaiona nambalayo adzaganiza kuti mayiyu sanafufuze mokwanira. Zitatu zotsalazo nazonso zifunika kuzisanthula. Kodi mnzake wa K520,000 uja watchula ndalama asanadule msonkho, kapena yomwe imalowa kubanki? Kodi muli alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe? Nanga chithandizo cha kuchipatala? Munthu wolandira K600,000 amene amadzilipirira yekha kuchipatala akhoza kukhala pansi pa wa K520,000 amene kampani imamulipirira iye ndi ana ake. Apa m'pamene makalata ambiri amagwera, poyerekeza zinthu zosafanana.

Akatsimikiza kuti zonse zitatu ndi malipiro asanadule msonkho pa makampani a msinkhu wofanana, mayiyu angathe kutchula ndalama yake. Ndimaona kuti anthu amaopa kwambiri pamenepa, n'kungolemba kuti bwana aganizirepo. Kalata yopanda nambala imayankhidwa ndi kandalama kochepa kotsekera pakamwa. Pakati pa kalata yake pangamveke chonchi:

“Wolemekezeka Bwana, ndikupempha kuti muunikenso malipiro anga, omwe akhala K400,000 pamwezi kwa zaka ziwiri. M'nthawi imeneyi, mothandizana ndi anzanga ogulitsa malonda, ngongole zopitirira masiku 90 zatsika kuchoka pa K60 miliyoni kufika pa K22 miliyoni, monga lipoti limene ndaphatikiza likuonetsera. Ndakhalanso ndikusunga mabuku a nthambi ya ku Zomba, ntchito yomwe kale inali ya munthu wina. Kufufuza kwanga kukuonetsa kuti makampani ofanana ndi athu amalipira pakati pa K520,000 ndi K600,000 pa ntchito imeneyi. Ndikupempha kuti malipiro anga afike pa K540,000, ndipo ndingathokoze mutandipatsa nthawi yoti tikambirane mwezi uno usanathe.”

Kukweza kwa K140,000 ndi 35 peresenti, ndipo bwana aliyense angadzidzimuke nako. N'chifukwa chake mayiyu ayenera kuwerengeratu zimene kampani idzalipire. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito aziikira wantchito ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ake, choncho pa K140,000 paja pawonjezeka K14,000. Pachaka zonse pamodzi zikwana K1,848,000. Ndalama imeneyi ikaikidwa pambali pa K38 miliyoni imene yabwerera m'kampani, komanso malipiro a munthu wa ku Zomba amene sanalembedwe, pempholo limaoneka laling'ono. Masamuwa asawalembe onse m'kalata. Awasunge kuti adzawatulutse pokambirana.

Za kukwera kwa mitengo zili ndi malo ake, koma chiganizo chimodzi chokha, ndipo chikhale cha nambala. Ofesi ya boma ya chiwerengero ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi mlingo wa mmene zinthu zakwerera. Ngati mitengo yakwera ndi 30 peresenti pachaka, K400,000 ya lero ikugula zimene K308,000 inkagula chaka chatha.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, ndipo ipite kwa bwana amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku. Kumudumpha n'kupita kwa wamkulu wa kampani kumamusandutsa mdani pamene iye ndi amene adzafunsidwe ngati zolembedwazo n'zoona. Iperekedwe miyezi iwiri kapena itatu kampani isanamange bajeti ya chaka chotsatira, chifukwa bajeti ikatsekedwa ngakhale bwana wokufunirani zabwino amasowa potenga. Musatchule dzina la mnzanu amene anakuuzani malipiro ake, ndipo musaopseze kuti musiya ntchito ngati mulibe kalata ya ntchito ina m'manja, poti mabwana ena amangoyankha kuti khomo ndi lotsegula.

Kwa ogwira ntchito m'boma, kumene malipiro amatsata giredi, kalata yotereyi singasunthe ndalama. Chimene angapemphe ndi kuunikanso udindo wawo. M'makampani yankho limabwera kawirikawiri ndi theka. Mayi uja akapatsidwa K470,000, afunse zimene ayenera kukwaniritsa kuti afike pa K540,000 komanso mwezi umene adzakhalenso pansi kuti aunike, ndipo apemphe kuti zimenezo zilembedwe n'kusainidwa, iye asunge kope lake.