Madzi pamwamba pa yogati ndi tsiku lolembedwa pakapu

Yogati ndi mkaka umene wasasitsidwa dala. Opanga amayamba auphika kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, kenaka amathiramo mabakiteriya amitundu iwiri amene amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi. Asidiyo ndiye amawawasitsa yogati, ndiponso amachititsa mapuloteni kugwirana mpaka mkaka kulimba. Mapuloteniwo amalukana ngati ukonde umene wakola madzi m'maso mwake. Pakapita masiku ukondewo umafinyika, madzi ena n'kutuluka kukayandama pamwamba. Kugwedezeka kwa panjira kumafulumizitsa zimenezi, ndipo dzenje limene supuni yasiya usiku limapezeka litadzaza madzi m'mawa.

Madzi amenewa si chizindikiro cha kuwonongeka. Ndi omwe aja amapatukana ndi chambiko chikakhalitsa. Amakhala oyera mbee kapena achikasu pang'ono, ndipo muli kashiamu, mapuloteni ena ndi vitamini B2, amene amawapatsa mtunduwo. Kuwataya n'kutaya chakudya: kungotakasa ndi supuni yoyera yogati amabwerera mwakale. Wofuna yogati wolimba angathe kuwatsanulira mu phala. Yogati wa zipatso sachita madzi kawirikawiri chifukwa ambiri opanga amaikamo zolimbitsa monga sitachi, choncho kusowa kwa madzi sikutanthauza kuti ndi watsopano.

Nkhani ya tsiku ndiyo imasokoneza ambiri. Zilembo za BB zimanena tsiku lomaliza limene wopanga akulonjeza kuti kakomedwe kakhala kosasintha, pomwe EXP ndi malire oyenera kuwalemekeza kwambiri. Masiku onsewa amawerengedwa poganiza kuti yogati wakhala pozizira, pa madigiri 4 kapena kucheperapo, kuchokera kufakitale mpaka kunyumba. Yogati wosatsegula amene wasungidwa chotero nthawi zambiri amakhala bwinobwino mpaka sabata imodzi tsiku la BB litadutsa, chifukwa tizilombo tambiri totsegula m'mimba timalephera kuswana mu asidi wochuluka chonchi. Amangowawasa kuposa kale, poti mabakiteriya aja sasiyiratu ntchito ngakhale mufiriji. Akatsegulidwa, ndi bwino kumumaliza pasanathe masiku asanu, tsiku lapakapu linene zimene linganene.

Zimene sizimaopa asidi ndi yisiti ndi nkhungu, ndipo ndizo zimawononga yogati. Yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya, motero chivindikiro chimatupa, mkati mumachita thovu, fungo limakhala la mowa, ndipo palilime pamathetheka. Yogati wotsekemera wa zipatso ndiye amayamba kugonja, popeza yisiti amapezamo chakudya chambiri. Nkhungu imaoneka ngati timadontho taubweya tobiriwira, takuda kapena tofiirira, kawirikawiri m'mbali mwa kapu ndi kunsi kwa chivindikiro. Apa pali chizolowezi choipa chowaula pamwamba n'kudya zotsalazo. M'chakudya chofewa komanso chonyowa, timizu ta nkhungu timalowa pansi pomwe maso saona, choncho kapu yonse ndi yotaya. Chimodzimodzi yogati amene wayamba kuwawa ngati mankhwala, kapena amene wachita mibulu yosasungunuka ngakhale atakasidwe.

Mwachitsanzo, kapu ya magalamu 500 ya yogati wopanda shuga, ya BB 10 Okutobala, yapezeka mufiriji pa 14 isanatsegulidwe. Chivindikiro n'chosatupa, pamwamba pali madzi okwana masupuni awiri, fungo ndi lowawasa mwa nthawi zonse, ndipo nkhungu palibe. Yogatiyu ndi wodyeka. Ngati wawawasa kwambiri, amachita bwino mu chigumu, pomwe asidi wake amathandizana ndi soda kufufumitsa.

Kapu yomweyo yankho lake limasintha ngati magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola anayi okha, ndipo lamulo lodziwika pa zakudya zosachedwa kuwonongeka n'lakuti zisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, kapena ola limodzi kukatentha kuposa madigiri 32, monga zimakhalira m'chigwa cha Shire mwezi umenewu. Yogati amapirira kuposa mkaka wamba, komabe kutenthako kumafupikitsa moyo wake, ndipo tsiku lapakapu silingadaliridwenso. Wopitirira tsiku amene wafundanso chotero ndi bwino kumutaya. Zomwezo zimakhudza yogati wa m'golosale momwe firiji imazimitsidwa usiku: angathe kufufuma tsiku lake lisanakwane n'komwe.

Mphuno ndi maso zili ndi malire ake, chifukwa si tizilombo tonse toyambitsa matenda timene timasintha fungo. N'chifukwa chake amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika sayenera kupatsidwa yogati wopitirira tsiku, ngakhale akuoneka wabwino.