Khoma likhale lonenepa, muyeso ukhale wowonda

Pa pulani ya nyumba, mmisiri amadziwa khoma asanawerenge chilembo chilichonse. Mzere wa khoma umakhala wonenepa, mwina mamilimita 0.5. Wa zitseko ndi mawindo ndi wapakati, 0.25, pomwe wosonyeza miyeso ndi wowonda ngati ulusi, 0.18. Mizere yonseyi ikatuluka yofanana, pulani imangooneka ngati ukonde wa asodzi.

Vuto ndi loti zimene wojambula amaona pa kompyuta si zimene pulinta imatulutsa. Mu AutoCAD ambiri amajambula ndi mitundu: makoma achikasu, miyeso yofiira. Kunenepa kwa mzere kumachokera m'kafayilo kena kothera ndi `.ctb`, komwe ndi ndandanda ya mitundu 255. Kafayiloka ndiye kamauza pulinta kuti chikasu, chomwe ndi nambala 2, chituluke chakuda pa 0.5, ndipo chofiira, nambala 1, chituluke pa 0.18. Manambalawa mumaika nokha potsegula `STYLESMANAGER`, kenaka mumasankha kafayiloko mu `PAGESETUP` ya tsamba lililonse, ndi kuchonga `Plot with plot styles`.

Tinene kuti mwamaliza pulani, mwaiika pa fulashi, ulendo kosindikizitsa. Kafayilo kaja sikakhala m'kati mwa pulaniyo, katsalira pa kompyuta yanu. Wosindikiza poona kuti kakusowa angosankha `monochrome.ctb`. Iyi imadetsa mitundu yonse koma kunenepa siikhudza, ndiye ngati simunaike kunenepa pa mizere yeniyeniyo, zonse zituluka pa 0.25, khoma ndi muyeso chimodzimodzi. Ine ndimati kosindikizitsa muzipita ndi PDF yomwe mwatulutsa nokha n'kuiona ndi maso. Ngati akufunadi fayilo ya DWG, `ETRANSMIT` imamanga zonse mtolo umodzi.

Msampha wina uli pa pepala. Pulani yokonzedwera A1 pa sikelo ya 1:50, mukaitulutsa pa A3 chifukwa ndalama zavuta, chilichonse chimachepa ndi theka, sikelo n'kukhala 1:100. Koma mizere siiwonda yokha. Khoma la mamilimita 230, lomwe pa A1 linali lotambalala mamilimita 4.6, tsopano ndi 2.3 basi, ndipo mizere yake iwiri ya 0.5 yayamba kudyerana malo. Pa masitepe ndi kubafa pamangoti bii. Mankhwala ake ndi kuika sikelo yosindikizira pa 1:2 n'kuchonga `Scale lineweights`, kuti 0.5 ikhale 0.25. Chenjerani ndi mizere yowonda kale ija: 0.18 imatsika kufika 0.09, ndipo pa pulinta yotopa imatha kuzimiririka. Za `Fit to paper` zisiyeni, zimasokoneza sikelo.

Musanalipire mapepala khumi, tulutsani limodzi kaye. Ikani lula pa chitseko cha mamilimita 900: pa 1:100 chikwane mamilimita 9. Kenaka liikeni patebulo, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu. Makoma akapanda kuonekera msanga kuposa zina zonse, bwererani mu `PAGESETUP`.