Vinyo akatayikira pa sofa, musapukute

Tambula ikagubuduka pa sofa yoyera, dzanja limathamangira kansalu n'kuyamba kupukuta mwamphamvu. Apo ndi pamene ambiri timawonongera mpando. Kupukuta kumakankhira vinyo pakati pa ulusi wa nsalu, ndipo banga lomwe linali ngati chikhatho limafika kukula ngati mbale.

Kufiira kwa vinyo kumachokera m'makoko a mphesa. Utoto wa mtundu womwewo ndi umene uli m'madzi a mabulosi ndi a chidede. Utotowu umasungunuka m'madzi, kotero malinga ngati pamalopo pali ponyowa, umatheka kuutulutsa. Ukauma, kapena ukakumana ndi kutentha, umakanirira ku ulusi, makamaka wa thonje, ngati momwe utoto umagwirira pa chitenje. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya nthawi yomweyo, alendo akadali pompo.

Tiyerekeze kuti theka la tambula ya vinyo wofiira latayikira pa khushoni ya nsalu ya thonje yotuwirako. Tengani tawulo yoyera youma, muipinde, muiike pamwamba pa bangalo ndi kupanikiza ndi chikhatho. Ikanyowa, sunthirani mbali youma, mupanikizenso. Yambani m'mphepete kulowera pakati kuti banga lisafalikire. Tawuloyo ikhale yoyera, chifukwa yamaluwa imatha kusuluka n'kusiya mtundu wake pa sofa, komanso pa yoyera mumaona bwino kuchuluka kwa vinyo amene akutuluka. Ngati khushoniyo ili ndi zipi, tsegulani mulowetse tawulo ina pakati pa nsalu ndi siponji. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, koma siponji ikamwa vinyo imadzamubweza pamwamba pouma, ndipo m'mawa banga lomwe mumati latha mumalipeza labwerera.

Tawulo ikasiya kufiira, sakanizani sipuni yaikulu imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale, sipuni yaikulu imodzi ya viniga woyera ndi makapu awiri a madzi ozizira, omwe ndi pafupifupi theka la lita. Musathire pa sofa mwachindunji. Viikani kansalu koyera, finyani pang'ono, dindani pabangapo, kenako yamwitsani ndi tawulo youma. Bwerezani kangapo mosatopa. Chizindikiro choti zikuyenda n'chakuti kufiira kukuchoka pa sofa kupita pa tawulo. Pomaliza dindani ndi madzi okhaokha kuti sopo atuluke. Pa madzi a zipatso kutsukuluza kumeneku n'kofunika kwambiri, poti shuga wotsalira amamata, amakoka fumbi ndi nyerere, ndipo pakapita masiku pamalopo pamada.

Sopo wamtanda wochapira zovala, amene ali m'nyumba iliyonse, ndi amene ndikukupemphani kuti mumusiye pomwe ali. Utoto wa mphesa umasintha mtundu malinga ndi chimene wakumana nacho. Ukakumana ndi chowawasa ngati viniga umakhala wofiira ndipo umachoka mosavuta, koma ukakumana ndi sopo wamtanda kapena soda umasanduka wobiriwira motuwa, banga n'kuuma mtima. Mukaona mtundu wasintha chotero, dindani ndi madzi a viniga aja musanachite china chilichonse. Madzi otentha nawo ayi. Za mchere zimene anthu amakonda kunena zili ndi choonadi pang'ono: umayamwa vinyo wa pamwamba, koma sutulutsa amene walowa kale mu ulusi, ndipo tawulo imachita bwino kuposa iwo.

Si sofa iliyonse imene imalola madzi. Zina zogula m'sitolo zimakhala ndi kachizindikiro kunsi kwa khushoni. Chilembo W chimatanthauza kuti madzi aloledwa, WS kuti madzi kapena mankhwala ochapira popanda madzi, S kuti mankhwala okhawo, ndipo X kuti musanyowetse ndi chilichonse. Pa S ndi X ingoyamwitsani ndi tawulo youma, zotsalazo musiyire akatswiri ochapa. Sofa zokhomedwa ndi amisiri athu nthawi zambiri sizikhala ndi chizindikiro, choncho yesani kaye madontho angapo kumbuyo kwa mpando muone ngati nsalu ikusuluka.

Pakatsala kamthunzi kofiirira pa nsalu yoyera ya thonje, madontho a haidirojeni perokosaidi wa 3 peresenti, wogulitsidwa m'mafamase, amatha kukachotsa. Nayenso muyese kaye pobisika, chifukwa amayeretsa mtundu wa nsalu. Bulichi musamuike pamalo pomwe pali viniga: ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Nsalu yovuka muichape ndi madzi ozizira, muyanike pamthunzi kuti isafupike. Ikauma, iyang'aneni pa kuwala kwa masana. Ngati banga likuonekabe ngakhale pang'ono, bwerezani kuchapa, ndipo musaisite mpaka litatheratu.