Liwu lakuti "amachiza" pa botolo la mafuta a nimu

Tiyerekeze mayi wina wa ku Nsaru amene amagulitsa mafuta a nimu ndi a nsatsi m'timabotolo. Pa kapepala ka pa botolo, komanso pa chithunzi chimene amatumiza pa WhatsApp, walemba kuti: "Amachiza chipere, mphere ndi matenda onse a pakhungu." Mayiyu sakufuna kunamiza munthu. Agogo ake ankadzola nsatsi, ndipo makasitomala amabweranso kudzathokoza.

Ambirife timaganiza kuti lamulo la mankhwala limakhudza mapiritsi a ku famase okha, zitsamba ayi poti n'zachilengedwe. Koma bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limayang'aniranso mankhwala azitsamba, ndipo limafuna kuti uthenga wotsatsa mankhwala liyambe lauona n'kuuvomereza. Mafuta ongofewetsa khungu ndi zodzola basi. Mukangolembapo dzina la matenda ndi liwu lakuti "amachiza" kapena "amateteza", mwawasandutsa mankhwala, ndipo mudzafunsidwa umboni.

Tsono umboni wa makasitomala uja? Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa iwo akunena zimene anaonadi. Mafuta aliwonse akapakidwa pa chipere, nkhungu zoyera zija zimagona, pamalopo n'kuoneka posalala. Koma chipere cha m'mutu chimalowa m'tsitsi mpaka ku mizu, kumene zopaka sizifika bwino. N'chifukwa chake kuchipatala amapereka mankhwala akumwa kwa masabata pafupifupi 6 kapena kuposa. Mphere nazo zimayamba ndi tizilombo tokumba pakhungu, ndipo pamafunika kuti banja lonse lithandizidwe nthawi imodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu aja akuti "matenda onse a pakhungu". Banga lotuwa losamva kukhudza, ngakhale mutalibaya pang'ono, likhoza kukhala khate. Khate limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 mpaka 12, koma munthu akatha chaka akupaka mafuta m'malo mopita ku St Gabriel ku Namitete kapena ku chipatala cha Kabudula, mitsempha ikhoza kuonongeka osabwereranso.

Mayi uja angathe kulemba zimene angaikire kumbuyo: "Mafuta a nimu osakaniza ndi a mpendadzuwa, mamililita 100. Amafewetsa khungu louma. Opaka, osamwa. Ikani patali ndi ana." Chenjezoli n'lofunikadi, pakuti mafuta a nimu akamwedwa ndi mwana wamng'ono amatha kumusanzitsa ndi kumukomola. Aonjezerepo tsiku lopangira ndi dzina la wopanga.

Ena amaganiza kuti akhoza kuzemba polemba kuti "kasitomala wanga anachira", kapena poika zithunzi ziwiri za mutu wa mwana, asanapake ndi atapaka. Wogula akaziona amamvabe kuti mafutawo amachiza, choncho nazonso zichotsedwe.